Mneneri kapena sing'anga akufuna ndalama kuti achotse temberero: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amamveka kwambiri kuno ku Angoniya, Tsangano ndi Makanga m'miyezi yogulitsa mbatatesi, fodya ndi soya, ndiponso ku Mowatize kumapeto kwa mwezi. Mayankho ake sakulimbana ndi nkhani yakuti ufiti ulipo kapena kulibe. Wokhulupirira ndi wosakhulupirira, onse angathe kuona ngati akudyeredwa masuku pamutu poyang'ana mmene ndalamayo ikupemphedwera.

Kodi kulipira sing'anga kapena kupereka kwa mneneri nkolakwika?

Ayi, pakokha si kolakwika. Sing'anga amene walowa m'tchire kukakumba mizu wagwira ntchito, ndipo makolo athu ankadziwa kuti ntchitoyo imalipiridwa. Koma taonani mmene ankalipirira. Poyamba munthu ankapereka chipondamthengo, kanthu kochepa koti sing'anga apite nako kuthengo. Malipiro enieni, nkhuku kapena mbuzi, ankadikira kuti wodwala adzuke. Wodwalayo sankapitanso yekha: ankaperekezedwa ndi atsibweni kapena mwinimbumba, ndipo mtengo unkatchulidwa anthuwo akumva.

Dongosolo limeneli linali ndi nzeru. Sing'anga akalephera, ankatsala ndi chipondamthengo chokha, motero sankapindula ndi kudwalitsa munthu nthawi yaitali. Amene akufuna ndalama yaikulu pachiyambi, nkuwonjezeranso ina matenda akapitirira, wautembenuza mwambowo: iye akupindula pamene inu simukuchira.

Kutchalitchi nakonso chopereka ndi chakhumi zilipo, ndipo abusa amadya. Koma chopereka cha mpingo chimawerengedwa ndi anthu angapo, chimalembedwa ndi msungichuma ndipo chimalengezedwa. Amene wabwera chimanjamanja amapemphereredwa mofanana ndi amene wabwera ndi envulopu.

Nanga ndingadziwe bwanji kuti apa ndikudyeredwa?

Musayambe ndi kukula kwa ndalama. Yambani ndi funso lakuti, kodi kulipiraku kuli ndi mathero? Tiyerekeze ndi nkhani yongopeka, koma yoyenda mmene nkhani zotere zimayendera.

Mayi wamasiye wa ku Tsangano wagulitsa mbatatesi napeza mametikali 30,000. Mwana wake wamng'ono akudwaladwala malungo, mbuzi ziwiri zafa, ndipo amuna ake anamwalira chaka chatha. Mnzake akumutengera ku mapemphero a usiku. Tsiku loyamba salipira kanthu. Mneneri akumuloza pagulu nati, "Amayi inu, pakhomo panu pali mzimu wa imfa." Kuti aonane naye paokha, akupereka 200 kwa mnyamata wapakhomo. Akugula kabotolo ka mafuta odzozedwa ka 500. M'chipindamo akuuzidwa kuti pali temberero lochokera kuchimuna, ndipo kuti liduke ayenera kubzala mbewu ya 3,000.

Patapita milungu iwiri mneneri akuti waonetsedwa chinthu chokwiriridwa pakhomo. Kuti abwere adzachizule pakufunika 1,500 ya mafuta a njinga zamoto, mbuzi imodzi ya nsembe ndi 5,000 ya ntchitoyo. Abweradi, afukula kanyanga kuseri kwa nkhokwe. Mwezi wotsatira mwana watenthanso thupi. Mayi akubwerera ali ndi mantha, ndipo yankho nlakuti, "Munakayika, kapena munauza munthu. Adani abwezeranso mwamphamvu." Tsopano pakufunika 7,000. Akaipereka imeneyi, akhala atatulutsa 17,200 ndi mbuzi, kupitirira theka la zonse anakolola, feteleza asanagule.

Bwererani pachiyambi muone pamene panakhota. Mayiyu anapita ndi vuto limodzi looneka, mwana wodwala. Anabwerako ndi vuto lina losaoneka, limene mneneri yekha ndiye amaliona, yekha ndiye amadziwa mtengo wake, ndipo yekha ndiye anganene kuti latha. Palibe tsiku limene anauzidwa kuti ntchito yonse idzadya zakutizakuti. Mtengo uliwonse unkatchulidwa wam'mbuyo utalipiridwa kale, pamene kusiya kunkaoneka ngati kutaya zonse anapereka. Ndipo chithandizo chitalephera, mlandu unagwera wolipira. Ichi ndicho chizindikiro chachikulu kuposa zonse: ngati mwana achira mneneri ndi wamphamvu, ngati sachira mayi alibe chikhulupiriro, ndiye kuti palibe chimene chingachitike choonetsa kuti mneneriyo walakwa, ndipo ndalama idzapemphedwa mpaka m'nyumba mutatsala mphasa.

Pali zinanso ziwiri zimene zimayenda limodzi ndi zimenezi. China ndi changu: "mukapanda kubweretsa pofika Lachisanu, pakhomo panu pagwa maliro." China ndi chinsinsi: "musauze alongo anu, chifukwa simudziwa amene wakuchitani." Mawu achiwiriwa amamveka ngati chenjezo lachikondi, koma ntchito yake ndi kuchotsa anthu okhawo amene akanafunsa kuti ndalama ya feteleza yapita kuti.

Pali njira yomuyesera ndisanapereke?

Ilipo, ndipo siifuna mkangano. Mufunseni mwaulemu kuti ntchito yonse, kuyambira lero mpaka kumapeto, idya zingati, ndipo mudzadziwa bwanji kuti yatha. Kenako muuzeni kuti mukakambirana kaye ndi akwanu ndipo mudzabwera ndi atsibweni sabata yamawa. Ngati mukufuna, onjezani kuti pakali pano mulibe kanthu, mudzathokoza zinthu zikayenda.

Ndiye mvetserani. Sing'anga wamwambo sadabwa ndi mawu amenewa, chifukwa ndi mmene zakhala zikuyendera. M'busa woona adzakupemphererani pomwepo. Koma ngati nkhope yasintha, temberero lakula mwadzidzidzi, kapena mwayamba kufunsidwa kuti muli ndi ng'ombe zingati, njinga yamoto kapena mwana wogwira ntchito ku Joni, mwapeza yankho. Mtengo wotsatira chuma chanu, osati ntchito yake, ndi mtengo wa munthu amene akukuyezani thumba.

Koma anandiuza zinthu zimene sakanazidziwa, ndipo nyangayo ndinaiona ndi maso anga.

Funso limeneli ndi limene limagwira anthu ambiri, ndipo liyenera kuyankhidwa mosapeputsa.

Tiyambe ndi mawu. "Muli ndi m'bale amene sakufunirani zabwino." "Ndalama sizikhalitsa m'manja mwanu." "Mumalota mukuthamangitsidwa." "Pali maliro amene sanalongosoke kwanu." Yesani mawu amenewa pa anthu khumi amene akudikira basi pa Ulongwe, muone ndi angati angakane. Munthu akakhala pamavuto amamva mawu a aliyense ngati ake, ndipo kawirikawiri ndi iye mwini amene amamaliza chiganizo: mneneri akati "ndikuona mayi wina wamkulu," inu nkuti "ndi apongozi anga." Pofika kunyumba mumakumbukira kuti iye ndiye anatchula apongoziwo.

Nanga mayina ndi zinthu zenizeni? Kumbukirani amene anakutengerani kumeneko, amene munacheza naye pamzere podikira, ndi mnyamata amene analemba dzina lanu, mudzi wanu ndi vuto lanu musanalowe. M'midzi yathu nkhani ya amene wafedwa, wagulitsa fodya kapena wakangana ndi mlamu wake pa za munda siibisika. Wofuna kuidziwa safunika masomphenya.

Za kufukula nyanga, nsupa kapena chithumwa, dzifunseni kuti ndani anasankha pokumba, ndani anakumba, inali nthawi yanji, ndipo ndani anafika pakhomopo masiku apitawo. Chinthu chingakwiriridwe usiku ndi wotumidwa, kapena chingatuluke m'dzanja la malaya pamene anthu akuimba ndi kufuula. Ngati mwavomera kuti abwere, nenani kuti adzakumbe ndi wachibale wanu, masana, ndi khasu lanu, nyakwawa ali pomwepo, ndipo alendowo aime patali. Yang'ananinso dothi: lomwe lakumbidwa posachedwa limakhala lofewa ndipo mizu yake imakhala yoduka. Amene akukana zonsezi ponena kuti mphamvu ithawa, wakuuzani kale pamene pagona mphamvu yakeyo.

Amawerenga mavesi onena za kubzala mbewu. Kodi si Baibulo limenelo?

Mavesiwo alipo, koma werengani mutu wonse. Pa 2 Akorinto 9, pamene pali mawu a kufesa ndi kukolola, Paulo ankasonkhanitsa thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu, osati malipiro a machiritso, ndipo vesi 7 likunena kuti munthu apereke monga watsimikiza mumtima, osati mokakamizidwa. Nzoona kuti 1 Akorinto 9:14 imalola wolalikira kudya za ntchito yake. Koma kusamalira m'busa ndi kwina, kugula pemphero ndi kwina.

Pamene Baibulo likukamba mwachindunji za ndalama yosinthana ndi mphamvu ya Mulungu, silizengereza. Pa 2 Mafumu 5, Namani atachira khate anabwera ndi mphatso, Elisa anakana. Gehazi amene anamuthamangira nkukalandira mwachinyengo ndiye anatenga khatelo. Pa Machitidwe 8, Simoni atafuna kugula mphamvu ndi ndalama, Petro anamudzudzula koopsa. Mateyu 10:8 ikuuza otumidwa kukachiritsa kuti apereke kwaulere monga analandirira kwaulere, ndipo Mika 3:11 ikudzudzula aneneri olosera chifukwa cha ndalama. Mavesi amenewa simudzawamva pa usiku wobzala mbewu.

Ndikasiya kupereka, temberero silindibwerera? Anandiopseza kuti ndidzaona.

Mantha amenewa ndi enieni, ndipo munthu asakusekeni nawo. Koma ganizani motere. Ngati munthuyo ndi wa Mulungu, sangakupheni chifukwa chosowa 7,000. Ngati akunena kuti tsoka lidzakugwerani chifukwa simunamulipire, ndiye kuti temberero limene mukuliopa tsopano likuchokera kwa iye, osati kwa apongozi aja.

Dziwiranitu chinthu chimodzi. Mukasiya, tsiku lina mwana adzadwalanso, nkhuku zidzafa ndi chitopa, mwina mvula idzadula mu Januwale. Zimenezi zinkachitika musanamudziwe ndipo zikuchitikiranso anansi anu amene sanapiteko. Mtima udzathamangira kunena kuti ndi zija ananena zija. Nchifukwa chake si bwino kusiya muli nokha. Uzani munthu mmodzi wamkulu m'banja, ndipo ngati mumapemphera, pitani kwa abusa, ansembe kapena akulu a mpingo umene umakudziwani kuyambira kale, akupempherereni popanda malipiro. Ngati akupitiriza kuimba foni ndi kuopseza, musafufute mauthengawo. Ndi umboni.

Ndi matenda ati amene sayenera kudikira mneneri kapena sing'anga?

Mwana wotentha thupi, makamaka akayamba kukomoka, kusanza chilichonse kapena kulephera kuyamwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Malungo amayezedwa ndi kadontho ka magazi pachala ndipo zotsatira zimatuluka m'mphindi zochepa, koma akalowa m'mutu angaphe mwana m'masiku owerengeka. Mwana wa mayi wa ku Tsangano uja ankafunika kuyezedwa, kumaliza mankhwala onse ndi kugona m'neti. Mayi wapakati amene akutaya magazi, kapena watupa nkhope ndi manja mutu ukumuwawa kwambiri, nayenso asadikire kuti kuche.

Chifuwa chopitirira milungu iwiri, chophatikiza kuonda ndi thukuta la usiku, chiyezedwe ngati ndi chifuwa chachikulu. Mankhwala ake ndi a miyezi 6 ndipo m'zipatala za boma ndi aulere, monganso mankhwala otalikitsa moyo. Khunyu, imene ambiri amaitenga ngati mizimu, ili ndi mapiritsi oletsa kugwa akamamwedwa tsiku ndi tsiku. Za kusabereka, ayezedwe onse awiri, chifukwa vuto limapezekanso kwa abambo, pamene ndalama ya kumasulidwa nthawi zambiri imapemphedwa kwa amayi.

Kupemphera ndi kumwa mankhwala sizilimbana. Koma amene akukuuzani kuti mutaye mankhwala otalikitsa moyo poonetsa chikhulupiriro, musiyeni tsiku lomwelo, ngakhale atakhala kuti sanakupempheni ndi metikali imodzi yomwe. Munthu akasiya mankhwalawo amamva bwino kwa kanthawi, nkumachitira umboni kuti wachira, pamene kachilombo kayambanso kuchulukana m'magazi m'milungu yochepa. Chipatala cha pa Ulongwe, chipatala chachikulu cha ku Tete ndi zipatala zazing'ono za m'madera zimalandiranso amene anasiya mankhwala. Manyazi asakuletseni kubwerera.

Watchula munthu kuti ndiye anandilodza. Nditani?

Musachite kanthu kwa munthuyo. Taonani amene amatchulidwa kawirikawiri: agogo okhala okha, mayi wamasiye, mkazi mnzanu wa pamitala, m'bale amene mukulimbirana naye munda, nthawi zina mwana wamasiye. Ndi anthu amene munali nawo kale kampeni kumphasa kapena amene alibe wowateteza, ndipo wotchulayo anazimva kwa inu nomwe. Iye akalandira zake amapita, inu nkutsala ndi banja logawanika. Mukamenya munthu, kumuwotchera nyumba kapena kumuthamangitsa pamudzi, wokayankha mlandu kupolisi ndi inu, ndipo mawu akuti "anatiuza ndi a mneneri" sakakupulumutsani. Ngati pali mkangano weniweni wa munda kapena wa chuma cha masiye, upite kwa mwinimbumba ndi kwa amfumu monga mkangano wa munda.

Nanga akapempha zina osati ndalama?

Akanena kuti mankhwala kapena kumasulidwa kufuna kuti mugone naye, kuti akusambitseni muli awiri, kapena kuti mumusiyire mwana wamkazi agone kumeneko, imeneyo ndi nkhanza, ndipo kwa mwana ndi mlandu waukulu. Kupolisi kuli ofesi yolandira madandaulo a nkhanza za m'banja ndi za ana, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana. Akatchula chizimba cha chiwalo cha munthu, kaya wa khungu lachialubino kaya wina aliyense, kanenedwe kupolisi msanga moyo wa munthu usanatayike. Akafuna munda, kumbukirani kuti m'Mozambiki nthaka ndi ya boma ndipo lamulo sililola kuigulitsa kapena kuipereka chikole. Musasaine kapena kudinda chala papepala lililonse popanda akubanja ndi amfumu.

Ali ndi khadi la AMETRAMO, ndipo wina tchalitchi chake ncholembetsedwa kuboma. Si umboni woti ndi oona?

Khadi la AMETRAMO limasonyeza kuti munthuyo ndi membala wa bungwe la asing'anga, ndipo ubwino wake ngwakuti muli ndi kokadandaula. Silitsimikiza kuti mankhwala ake amachiza kapena kuti mtengo wake ndi wachilungamo. Kalata ya tchalitchi yochokera ku unduna wa zachilungamo imangoloreza mpingowo kugwira ntchito. Chofunika kwambiri nkudziwa ngati munthuyo ali ndi pokhala podziwika ndi anthu amene angamudzudzule. Amene wangofika pa Zobwe kapena pa Kalomwe, wachita lendi chipinda, akuti wachokera kutali ndipo akhala milungu iwiri yokha, mudzamupeza kuti zinthu zikalakwika? Malire ali pafupi, ndipo akawoloka nkhani imavuta.

Wina amandiimbira foni kuti nditumize pa M-Pesa, adzandichulukitsira ndalama.

Musatumize. Munthu wodziwa kuchulukitsa ndalama sakanafuna 2,000 yanu. Chimodzimodzi mauthenga obwera pafoni kuchokera kwa sing'anga amene simunamuonepo, olonjeza mwayi wa bizinesi, kubweza mwamuna kapena kukwezedwa pantchito: amatumizidwa kwa anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Nambala yanu yachinsinsi ya M-Pesa kapena e-Mola musauze munthu, ngakhale atati akufuna kuipempherera.

Ndinapereka kale. Kodi ndalamazo zingabwerere?

Nthawi zina, koma musayembekeze zonse. Chovuta nchakuti iye adzanena kuti munapereka mwakufuna kwanu, ngati chopereka. Mlandu umalimba pamene pali lonjezo lenileni limene silinachitike, chinyengo chooneka monga kukwirira chinthu, kapena chiopsezo. Umalimbanso kwambiri odandaula akakhala angapo, choncho funsani mwakachetechete ena amene munkakumana nawo kumeneko.

Yambani ndi kulemba papepala tsiku lililonse, ndalama yake, amene analandira, amene analipo ndi mawu amene ananenedwa. Sungani mauthenga a M-Pesa kapena e-Mola, chifukwa amaonetsa tsiku, ndalama ndi nambala yolandira. Mbuzi, njinga kapena wailesi zimabwezedwa mosavuta kuposa ndalama ngati mwafulumira zisanagulitsidwe.

Ngati munthuyo ndi wa m'dera lomwelo, pitani ndi wamkulu wa kubanja kwa nyakwawa kapena amfumu, ndipo ngati ndi sing'anga, kwa atsogoleri a AMETRAMO a m'bomalo. Makhoti a m'midzi, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, amayanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono ndipo angagamule zobweza, koma satsekera munthu m'ndende. Ndalama ikakhala yambiri, kapena pali kuopseza, kugwiririra kapena imfa, pitani kupolisi kapena ku ofesi ya woimira boma pa milandu ya m'boma lanu. Bungwe la boma lotchedwa IPAJ limapereka thandizo la zamalamulo kwaulere kwa amene alibe ndalama ya loya. Musapite ndi gulu la anyamata kukalanda katundu. Wodandaula amasanduka woimbidwa mlandu.

Ndipo ngati munakongola ya katapila kuti mulipire mneneri, yambani ndi ngongoleyo, chifukwa ndiyo ikukula mwezi ndi mwezi.

Amayi anga ndi amene akupereka, ndipo ndikawaletsa amati ndine mdani. Ndiwalankhule bwanji?

Mwina anauzidwa kale kuti wina m'banja adzayesa kuwaletsa, ndiye mukabwera ndi ukali mumakwaniritsa ulosiwo. Musayambe ndi kunyoza mneneriyo kapena kunena kuti ufiti kulibe. Yambani ndi chimene chinawapititsa: "Amayi, mwanayu tiyeni tikamuyezetse mawa, ine ndilipira njinga, mapemphero mupitiriza." Vuto loyamba lija likachepa, mphamvu ya mneneri pa iwo imachepanso.

Kenako khalani nawo pansi muwerengere limodzi zimene zapita, iwo akutchula inu mukulemba. Anthu ambiri sanaphatikizepo ndalamazo, amangokumbukira yomaliza. Afunseni modekha kuti, "Anati zidzatha liti?" ndipo musawayankhire. Pemphani kuti ulendo wotsatira mupite nawo, inu kapena atsibweni anu, mukafunse mtengo wa ntchito yonse. Ngati ndinu amene mumawatumizira ndalama kuchokera ku Tete kapena ku Beira, musadule thandizo, koma lisintheni: gulani feteleza ndi mbewu zifike monga katundu, ndipo ya sukulu lipirani kusukulu komweko.